Mtengo wa mbuzi: sikelo, mano ndi mwezi wogulitsira

Venda wa mbuzi akafika pakhomo sathamangira kufunsa mtengo. Amayamba wayiyang'ana mbuziyo ili chiimire, kenaka amaigwira pamsana cha m'chiuno, n'kutsina pang'ono kuti amve ngati pali mnofu kapena ndi fupa lokhalokha. Akatero amaikumbatira, dzanja lina pachifuwa lina kuseri kwa ntchafu, n'kuinyamula kamphindi. Pomaliza amaikanula kukamwa. Zonsezi sizitenga nthawi, koma akamaitula pansi amakhala atadziwa kale kuti ikulemera makilo angati, ili ndi zaka zingati, ndiponso kuti wabutchala wa patauni adzampatsa zingati. Mwini mbuzi, amene waiweta chaka ndi theka, kawirikawiri chimene akudziwa bwino ndi ndalama imene ikufunika kusukulu kapena kogula feteleza. Malonda ambiri a mbuzi m'midzi mwathu amachitika pakati pa anthu awiri otere, wina akuwerengera nyama, mnzake akuwerengera vuto lake.

"Amayi, kambuzi kanuka n'kowonda. Ndikupatsani zingati pamenepa?"

"Nenani ndinu, achimwene."

Yankho limeneli ndi limene limadyetsa anthu ambiri. Woyamba kutchula ndalama ndiye amaika malire a kunenerera konse, ndipo venda akayamba ndi mtengo wotsikitsitsa, mayi uja ngakhale alimbe chotani amangokwera pang'ono kuchokera pamenepo. Komabe zimene venda amachita ndi manja ake si zamatsenga. Ndi masamu amene mlimi aliyense angawerengere pakhomo pake usiku woti mawa agulitsa.

Choyamba n'kudziwa kulemera kwa mbuzi. Mbuzi zathu zachikuda n'zazing'ono thupi: mkota wokhwima nthawi zambiri umalemera pakati pa makilo 25 ndi 30, tonde kapena mfule wodyetsedwa bwino amapitirirako. Zosakanizika ndi mbuzi za mtundu wa Bowa zochokera ku South Africa zimakula kuposa apa. Njira yodalirika ndi sikelo yopachika ija imene timayezera chimanga ndi soya. Boolani thumba lolimba mabowo anayi olowetsa miyendo, kapena ingolikulungani pansi pa mimba ndi chifuwa, mulipachike kusikelo panthambi ya mtengo, mudikire mbuzi ileke kuphiriphitha, muwerenge. Yezani m'mawa isanadye ndi kumwa. Mbuzi yochokera kubusa madzulo imatha kulemera makilo awiri kapena atatu oonjezera, koma ameneyo ndi udzu ndi madzi zili m'chifu, ndipo wabutchala sagulitsa udzu. Alipo ena amene amamwetsa mbuzi madzi ambiri ali panjira ya kumsika kuti ioneke yonenepa. Ogula ozolowera amazindikira msanga, chifukwa mimba imafufuma pamene msana uli wakuthwa, ndipo akakugwirani kamodzi amatsitsa mtengo wa mbuzi iliyonse imene mudzabwere nayo.

Ngati sikelo palibe, tepi ya telala imathandiza. Imikani mbuzi pamalo osalala, miyendo yonse inayi itaponda bwino. Yezani kuzungulira chifuwa, tepi idutse kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, yogwira thupi koma yosafinya. Kenaka yezani utali kuchokera pansonga ya phewa mpaka pafupa la thako limene lili m'mbali mwa mchira. Zonse zikhale m'masentimita, ndipo muwerengere motere:

chifuwa × chifuwa × utali ÷ 10,840

Mbuzi ya chifuwa 70 ndi utali 62 ipereka 70 × 70 × 62, zomwe ndi 303,800, ndipo mukagawa ndi 10,840 mupeza makilo 28. Njirayi imaphonya ndi kilo imodzi kapena awiri, ndipo pa mbuzi yabere imanamiza, koma ndi yokwanira kuti munthu asakuuzeni kuti mbuzi ya makilo 28 ndi "kakang'ono".

Tsono makilo 28 amenewa si nyama yonse. Mukachotsa magazi, chikopa, mutu, ziboda ndi zam'kati, chotsala chopachika pambedza chimakhala chochepera theka. Pa mbuzi zachikuda za thupi labwino, werengerani makilo 45 pa 100 alionse. Mfule wonenepa amayandikira 50, mbuzi yowonda imatsikira cha ku 40. Apa ndi pamene kutsina pamsana kuja kumagwirira ntchito. Ikani chala pamwamba pa msana pakati pa nthiti yomaliza ndi chiuno. Ngati mafupa a msana akubaya chala, ndipo zala zikulowa mosavuta pansi pa mafupa a m'mbali, mbuziyo ndi yowonda ngakhale ubweya ukhale wosalala. Ngati mukumva mnofu wodzaza mbali zonse ziwiri ndipo fupa mukulipeza pokanikiza, ili bwino. Mbuzi ziwiri zolemera mofanana zikhoza kusiyana ndi kilo yathunthu ya nyama kapena kuposa, malinga ndi zimene chala chanu chapeza pamenepa.

Tiyeni tiwerengere mbuzi imodzi mpaka kumapeto. Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho ndalama zimene nditchule apa ndi zongoyerekeza, zosankhidwa kuti masamu aoneke bwino. Inu muikemo za kumsika kwanu. Tinene kuti muli ndi mfule wa makilo 28, ndipo kubutchala ya pamsika wapafupi nyama ya mbuzi ikugulitsidwa K10,000 pa kilo. Pa 45 pa 100 alionse, nyama yake ndi makilo 12.6. Wabutchala sadzagulitsa onsewo, chifukwa nyama ikapachikidwa imauma, podula pamatayika tizidutswa, ndipo ogula ena safuna kuchoka opanda kabanyira. Tinene kuti agulitsa makilo 12, apeza K120,000. Chiwindi, mapapo, chifu ndi matumbo, pamodzi ndi mutu, ziboda ndi chikopa, tinene kuti zimubweretsera K20,000. Zonse pamodzi K140,000. Pamenepa achotsepo zolipira zake, monga chiphaso cha pamsika, woyeza nyama, wothandiza kusenda ndi mayendedwe, mwina K10,000, ndi phindu lake loti adyere, mwina K20,000. Chotsala ndi K110,000, ndipo imeneyi ndiyo ndalama yaikulu imene wabutchalayo angalipire popanda kuluza. Mukaigawa ndi makilo 28 aja, kilo imodzi ya mbuzi yamoyo ikugwera pafupifupi K4,000.

Kuchokera apa mukhoza kusunga kalamulo kachidule m'mutu: kilo ya mbuzi yamoyo ya thupi labwino, ikafika m'manja mwa wabutchala, imakhala pafupifupi magawo anayi mwa magawo khumi a mtengo wa kilo ya nyama. Funsani mtengo wa nyama musanagulitse, tengani magawo anayiwo, muchulukitse ndi makilo a mbuzi yanu. Anthu ambiri amafunsa anzawo kuti "yanu ija munagulitsa zingati?" koma yankho lake silithandiza kwenikweni, popeza simudziwa kuti mbuzi ya mnzanuyo inkalemera bwanji, ndipo pa nkhani ya ndalama anthu sanena zoona nthawi zonse.

Venda wobwera pakhomo uja sangalipire K110,000, chifukwa iye ndi amene akukagulitsa kwa wabutchala pa mtengo umenewo. Ali ndi mafuta a njinga yamoto kapena thukuta la kupalasa, ali ndi zolipira pamsika, ndipo nthawi zina mbuzi imamufera panjira itamangidwa pakaliyala dzuwa lili phwee. Tinene kuti zonsezi ndi K7,000, ndipo akufuna phindu la K15,000. Ndiye kuti akhoza kufika pa K88,000. Adzayamba ndi K60,000 kapena K65,000, adzadandaula za kukwera kwa mafuta, adzanyamuka ngati akupita, n'kubwerera. Inu mukadziwa kuti malire ake ali cha ku K88,000, simutekeseka ndi zonsezi. Yambani ndinu kutchula, mutchule K105,000, muzitsika pang'onopang'ono, ndipo mukafika cha ku K90,000 muime. Ine sindili m'gulu la amene amati mavenda onse ndi akuba. Munthu amene wakufikirani pakhomo ndi ndalama m'thumba, n'kukuchotserani ulendo wa makilomita makumi awiri, akuyenera kudyapo. Funso n'lakuti adyepo zingati, ndipo K45,000 pa mbuzi imodzi ndi zambiri.

Mukhozanso kupita nayo nokha kumsika waukulu, monga ku Mitundu kapena ku Nsundwe kwa a ku Lilongwe, ku Lunzu kwa a ku Blantyre, kapena ku Ngabu kwa a m'chigwa cha Shire. Mukachotsa mayendedwe ndi zolipira, mwina K8,000, mutsala ndi K100,000 ndi kanthu. Koma msika uli ndi msampha wake. Ogula amadziwa kuti munthu wobwera ndi mbuzi imodzi kuchokera kutali safuna kubwerera nayo. M'mawa amangozungulira, kuigwiragwira, kutchula mitengo yachipongwe. Dzuwa likapendeka, mbuzi itafooka ndi ludzu ndipo mwini wake akuganiza za ulendo wobwerera, ndi pamene amabwera ndi ndalama m'manja. Amene walawira ndi mbuzi atatsimikiza kuti ikapanda kufika pa mtengo wakutiwakuti abwerera nayo, amanenerera mosiyana ndi amene wadya kale ndalamayo m'maganizo. Njira ina yabwino ndi kugwirizana anthu anayi kapena asanu m'mudzi, kusonkhanitsa mbuzi zawo, n'kuitana wabutchala kuti abwere yekha. Mbuzi zisanu pamalo amodzi zimamuchepetsera ulendo, ndipo ndalama imene akanadya venda mumagawana ndi iyeyo. Kulikonse kumene mungapite nayo, tengani kalata ya amfumu yosonyeza kuti mbuziyo ndi yanu, ndipo ngati mukutuluka nayo m'dera lanu, chilolezo cha alangizi a ziweto. Kuba mbuzi n'kofala, ndipo mbuzi yopanda mapepala imagulidwa pa mtengo wa mbuzi yakuba.

Nanga kukamwa kuja venda amafunako chiyani? Mbuzi ilibe mano akutsogolo kumwamba, ili ndi asanu ndi atatu kunsi, ndipo amenewa ndiwo amanena zaka zake. Ikakhala yosakwana chaka, onse amakhala aang'ono, oyera, a mkaka. Ikapitirira chaka, cha pakati pa chaka chimodzi ndi chaka ndi theka, awiri apakati amagwa n'kumera akuluakulu otambalala, ooneka msanga pakati pa anzawo aang'ono. Ikamakwana zaka ziwiri akuluakulu amakhala anayi, cha ku zaka zitatu amakhala asanu ndi limodzi, ndipo ikamafika zaka zinayi onse asanu ndi atatu amakhala atasintha. Kuchokera apo amayamba kuperepeseka, kutalikirana ndi kuguluka. Mbuzi yodya movutikira imachedwako pang'ono kusintha mano, koma ndondomeko yake ndi yomweyi.

Zaka zimakhudza mtengo m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya nyama: mbuzi ya mano awiri kapena anayi akuluakulu ili ndi nyama yofewa, yosachedwa kupsa, imene okazinga kanyenya pachiwaya ndi a malo odyera amaifuna. Mkota wokalamba nyama yake ndi yolimba, ndipo tonde wamkulu wosafula ali ndi fungo limene ogula ambiri amalikana. N'chifukwa chake ana amphongo amene simukufuna kuti adzakhale atonde a khola ndi bwino kuwafula akadali aang'ono. Mfule sathamangitsa zazikazi, amanenepa bwino, ndipo nyama yake imayenda malonda. Njira yachiwiri ndi imene anthu saiganizira kwenikweni: mano amakuuzani ngati mbuziyo ikukulabe. Mbuzi yachikuda yaing'ono, yongodya kubusa, imaonjezera cha ku kilo imodzi kapena kilo ndi theka pamwezi chakudya chikakhalapo. Pa K4,000 pa kilo, ndiye kuti ikukupangirani K4,000 mpaka K6,000 mwezi uliwonse pongokhala ndi moyo. Ikafika mano anayi kukulako kumachepa kwambiri, ndipo ya mano asanu ndi atatu yasiyiratu. Mfule wotere mukamusunga chaka china, akungodya msipu umene akanadya ana, ndipo chaka chonsecho afisi, agalu, akuba ndi matenda akumuyembekezera. Kugulitsa kamwana ka miyezi isanu ndi kutaya ndalama, kusunga mfule wa zaka zinayi nakonso ndi kutaya ndalama, kungoti kwachiwiriku sikuoneka.

Masamu onse a makilo aja ndi a wogula wofuna nyama yogulitsa. Alipo ogula ena amene sikelo sawalabadira kwenikweni. Mlimi wofuna mbewu ya khola lake amayang'ana msoti wa chaka chimodzi, wa miyendo yowongoka, wa mawere awiri abwino, ndipo amafunsa ngati mayi wake amaswa mapasa. Msoti wa makilo 20 pa mtengo wa nyama ndi K80,000, koma kwa munthu ameneyu ukuyenera kupitirira, chifukwa akugula ana onse amene udzabereke. Kugulitsa msoti wabwino kwa wabutchala ndi chinthu chimene sindimachimvetsa, pokhapokha ngati pakhomo pagwa zoopsa. Chimodzimodzi tonde wosakanizika ndi Bowa: kwa wabutchala ndi nyama yonunkha, kwa mlimi wofuna kukweza mtundu wa mbuzi zake ndi chuma. Mabungwe amene amagawa mbuzi zopatsirana nawonso amafuna misoti yambiri nthawi imodzi, ngakhale kuti kawirikawiri amagula kudzera mwa anthu apakati, ndipo ndalama imatha kuchedwa. Aliyense wonena kuti "ndidzakupatsani pakutha pa mwezi" asagule pa mtengo wa munthu wolipira pompopompo.

Kenaka pali ogula a zochitika. Wokonza chinkhoswe, ukwati, kumanga chiliza kapena kulonga ufumu amafuna mbuzi yooneka, yoti anthu akaiona ikulowa m'mudzi adziwe kuti pali mwambo. Iyeyu sayerekeza mtengo wanu ndi wa venda, amayerekeza ndi ndalama imene akanawononga kukagula nyama yomweyo kubutchala, yomwe pa chitsanzo chathu chija ndi K140,000. Mukamugulitsa pa K120,000 nonse mwapindula. Zochitika zambiri zotere zimakhala m'chilimwe anthu atakolola, ndipo zimadziwika kukadali miyezi. Amene ali ndi khutu m'mudzi ndi kutchalitchi amapeza wogula mbuzi isanachoke m'khola. Maliro okha ndiwo ndimawapatula. Wobwera usiku kudzafuna mbuzi ya pasiwa alibe mphamvu yonenerera, ndipo aliyense m'mudzi adzamva mtengo umene munamutchulira.

Ogula ena ofunika kuwadziwa ndi Asilamu pa nthawi ya Idi ya nsembe, ya Kurubani. M'maboma monga Mangochi, Machinga, Balaka, Zomba, Salima ndi Nkhotakota, komanso m'mizinda, mabanja ndi mabungwe othandiza anthu amagula mbuzi zambiri m'masabata ochepa. Mbuzi ya nsembeyi iyenera kukhala yokwana chaka chimodzi, yosadwala, yosatsimphina, yosafa diso, yosawondetsa. Apa mano awiri akuluakulu aja amakhala umboni wanu, ndipo kulemera kumabwera pambuyo. Idi imeneyi imatsata mwezi wa kumwamba, choncho chaka chilichonse imafulumira ndi masiku pafupifupi 11. Mu 2024 idali pakati pa Juni, mu 2025 kumayambiriro kwa Juni. Ndiye kuti m'zaka zikubwerazi izigwa mu Meyi, kenaka mu Epulo, nthawi imene mbuzi zambiri zimakhala zisanachire ku chingwe cha dzinja. Amene adzakhale ndi mbuzi zonenepa pa nthawi imeneyo adzakhala ochepa, ndipo adzatchula mtengo okha.

Chingwe cha dzinja chimenechi ndicho chimalamulira mitengo ya mbuzi chaka chonse m'madera olima chimanga. Mvula ikagwa n'kudzala, mbuzi zimamangiriridwa pachikhomo kuopa kudya mmera wa eni. Zimadya pamalo amodzimodzi, pomwe zimasiyanso ndowe, ndipo njoka zam'mimba zimachuluka. Pofika Januwale ndi Febuluwale mbuzi zambiri zimakhala zowonda, ubweya uli nyankhalala, zina zikutsegula m'mimba. Nthawi yomweyi ndi imene nkhokwe zatha, fizi ya teremu yachiwiri ikufunika, feteleza wobereketsa akufunika, malungo ali pakhomo. Aliyense akugulitsa, ogula ali ochepa, mbuzi zake n'zopepuka. Chimanga nacho chili pa mtengo wake wokwera kwambiri pa chaka. Mbuzi imene mu Julayi ikanagula matumba atatu a chimanga, mu Febuluwale mwina siikwanitsa awiri, ndipo chaka cha njala ingalephere ngakhale limodzi. Anthu akakolola, cha mu Meyi ndi Juni, mbuzi zimamasulidwa n'kukadya mapesi, zotsalira za mtedza, soya ndi nandolo, kenaka nyemba za msangu zikamagwa. Zimanenepa, ndipo ndalama za fodya, soya ndi mtedza zimakhala zili m'matumba mwa anthu. Akuluakulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ankachenjeza munthu wosangalala mopitirira, koma mlimi akhoza kuumva mwambiwu monga momwe ulili. Cha mu Okutobala tchire litapsa mbuzi zimayambanso kutsika thupi, ndipo Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano zimakweza mtengo kwa masabata owerengeka chabe usanagwe.

Ndiye kodi wofuna kugulitsa mu Januwale tingomuuza kuti apirire mpaka Meyi? Anthu okhala m'tauni amakonda kulangiza choncho, koma tiyeni tiwerengere. Tinene kuti venda akupereka K70,000 lero, ndipo mukuyembekeza kuti mu Meyi mbuzi yomweyo, itabwerera thupi, idzagulidwa K105,000. Kudikira miyezi inayi kukupatsani K35,000. Koma fizi ikufunika lero, ndiye kuti K70,000 ija mukakongola. Ku banki m'khonde ya chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi, miyezi inayi idya K56,000. Mwaluza, ndipo mbuziyo mwina ifa mu Malichi. Kukakhala kwa K10 pa K100, chiwongoladzanja ndi K28,000, chotsala ndi K7,000 yokha, imene mankhwala a njoka ndi madeya akhoza kuimaliza. Za katapila tisanene n'komwe. Munthu amene akuyenera kukongola kuti asunge mbuzi, nthawi zambiri kuli bwino angogulitsa. Kudikira kumapindulira amene ali ndi kwina kopezera ndalamayo, kaya ganyu, kaya ndiwo zam'dimba, kaya nkhuku ziwiri zitatu.

Cholakwika chenicheni chimachitika miyezi isanu m'mbuyo mwake. Fizi ya Januwale si mlendo wodzidzimutsa, feteleza nayenso ayi, ndipo nkhokwe imaoneka mu Ogasiti kuti sifika Malichi. Mbuzi yoti idzagulitsidwe mu Januwale mokakamizika ikanagulitsidwa mu Ogasiti kapena Sepitembala ili yonenepa, chimanga chikadali chotsikirapo. Chovuta n'chakuti ndalama m'nyumba sikhalitsa, ndipo kwacha nayo sikhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 idagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo amene adasunga ndalama ya mbuzi m'chitini adaona mtengo wa feteleza ukuwathawa. Choncho wogulitsa m'chilimwe asandutse ndalamayo msanga chinthu chimene ankafuna: matumba a chimanga othira mankhwala, thumba la feteleza, kapena kulipiriratu kusukulu ngati amalola.

Pali nthawi zina zimene kudikira n'koyenera mosakayika. Ngati Khirisimasi kapena Idi yatsala masabata atatu kapena anayi, mbuzi ili bwino ndipo muli ndi madeya ndi masamba a lukina oipatsa, dikirani. Koma mugulitse kukadali masiku angapo chikondwerero chisanafike, chifukwa ogula ambiri amafuna kukhala atapeza kale, ndipo tsiku lotsatira chikondwerero mtengo umagwa. Ngati mbuzi ndi yaing'ono, ya mano a mkaka, ndipo msipu ulipo, dikirani. Ngati mwangoibaya jakisoni kapena kuimwetsa mankhwala a njoka, werengani pabotolo masiku amene ayenera kudutsa nyama yake isanadyedwe, ndipo musaipereke kwa wabutchala masikuwo asanakwane. Ngatinso boma latseka misika ya ziweto chifukwa cha matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi, monga zimachitikira kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, obwera mozemba usiku amagula motchipa podziwa kuti mulibe kolowera. Amene angathe adikire chiletso chichoke.

Kwa nkhuku nkhani ya kudikirayi imasiyana ndi mtundu wake. Nkhuku zoyera zanyama zikakwana masabata asanu ndi limodzi zimadya kwambiri tsiku lililonse, ndipo posakhalitsa chakudya chimayamba kudya phindu, choncho wogula amafunika kumupeza zisanakhwime. Nkhuku yachikuda yodzitolera chakudya imatha kudikira Khirisimasi popanda kukudyerani kanthu, koma pakati pake pali miyezi yotentha imene chitopa chimasesa makola. Amene sanatemere nkhuku zake asadikire nazo.

Pa mbuzi, funso lomaliza ndi lakuti mukatsegula khola mutulutse iti. Yambani ndi mfule wokhwima, atonde oonjezera, mkota woguluka mano, wouma bere limodzi, kapena umene watha chaka osatenga bere. Mkota woswa bwino ukhale womalizira, ndipo musanaugulitse onetsetsani kuti ulibe bere. Bere la mbuzi limatenga miyezi isanu, masiku pafupifupi 150, ndipo m'miyezi itatu yoyambirira silioneka ndi maso. Kumbukirani tsiku limene unakweredwa. Ngati patha masabata atatu kapena kuposa osafunanso tonde, osalira ndi kugwedeza mchira monga umachitira, mwina watenga. Miyezi ikapita, mimba imakula cha kumanja, ndipo mukaika dzanja kutsogolo kwa bere la mkaka m'mawa usanadye mumatha kumva mwana akugunda. Kumanzere n'kumene kuli chifu, kufufuma kwa kumeneko ndi chakudya chabe. Wabutchala akagula mkota wabere amatsitsa mtengo, chifukwa makilo ena amene akunyamulawo ndi mwana ndi madzi, ndipo inu mwapereka mbuzi ziwiri, mwina zitatu, pa mtengo wochepera wa imodzi.